Kudula ndi kuchepetsa chithunzi: chiyambe n'chiti ngati webusaiti ili ndi malire?

"Webusaiti yathu ikufuna chithunzi cha 1200 x 630, chosapitirira 200 KB. Cha pafoni yanga ndi 4000 x 3000 ndipo chikulemera pafupifupi 4 MB. Ndikachidula chikukanidwabe kuti n'chachikulu, ndikachichepetsa anthu akuoneka ofupika ndi onenepa. Kodi ndikulakwitsa pati?"

Pomwe pakusokonekera ndi apa: webusaitiyo yakupatsani malamulo atatu, osati limodzi, ndipo lililonse lili ndi chida chake. Pali maonekedwe a chimango, kutanthauza mmene kupingasa kukuyenderana ndi kutalika. Pali kuchuluka kwa mapikiselo, timadontho timene timapanga chithunzi. Ndiye pali kulemera kwa fayilo. Kudula kumakonza choyambacho, kuchepetsa kumakonza chachiwiri, ndipo chachitatu chimamalizidwa pa nthawi yosunga fayilo. Langizo langa n'lakuti muzitsatira dongosolo lomweli: dulani kaye, kenako chepetsani, pomaliza sankhani mlingo wa JPEG, ndipo musunge kamodzi kokha.

Chithunzi chanu ndi timadontho 4000 chopingasa ndi 3000 chotsika, zomwe zikupereka mapikiselo 12,000,000. Mukasankha Crop, pulogalamu imataya mizere ya m'mbali ndipo mapikiselo otsalawo siiwagwira n'komwe. Nkhope imene inali ndi mapikiselo 500 chopingasa imakhalabe ndi 500, kungoti zoizungulira zachoka. Mukasankha Resize, chilichonse cha m'chithunzicho chimatsala, mtengo wa pakona ndi mtambo womwe, koma pulogalamu imawerengera mapikiselo atsopano pophatikiza akale angapo kukhala limodzi. Nkhope ija ya 500 imatsika kufika pa 150 ngati mwachepetsa kuchoka pa 4000 kufika pa 1200. Choncho kudula kumakutayitsani gawo la zimene munajambula, pomwe kuchepetsa kumakutayitsani tizinthu ting'onoting'ono monga ulusi wa nsalu ndi tsitsi limodzilimodzi. Zonse ziwiri sizibwerera mukasunga, n'chifukwa chake muyenera kugwira ntchito pa kope ndi kusunga choyambiriracho padera.

Tiyeni tione chifukwa chimene anthu akuonekera ofupika. Chithunzi cha 4000 x 3000 chili pa mlingo wa 4:3, pomwe 1200 x 630 ndi chimango chopyapyala kwambiri, pafupifupi 1.9:1. Mukalemba manambala onse awiri mu Resize n'kuikakamiza pulogalamu, mbali yopingasa imachulukitsidwa ndi 0.3 (1200 kugawa ndi 4000) pomwe yotsika imachulukitsidwa ndi 0.21 (630 kugawa ndi 3000). Manambala awiriwa akasiyana, chithunzi chimaphwanyika. Pano 0.21 ndi magawo 70 pa 100 a 0.3, ndiye munthu aliyense wafupikitsidwa ndi magawo 30 pa 100 koma thupi lake m'mbali silinasinthe. Njira yachidule yodziwira vutoli ndi kuyang'ana chinthu chimene mukudziwa kuti n'chozungulira, monga gudumu kapena wotchi ya pakhoma. Chikaoneka ngati dzira, mlingo wasokonekera. Mapulogalamu ambiri amaika kachizindikiro ka tcheni kapena loko pakati pa manambala awiriwo. Kakakhala kotseka, mukasintha imodzi inayo imadzisintha yokha. Musakatsegule. Kakakhala kotseka ndipo mwalemba 1200, mupeza 1200 x 900, chithunzi chabwinobwino koma chotalika kuposa chimango chanu ndi mizere 270. Mizere imeneyi kuchepetsa sikungaichotse popanda kupotoza chithunzi, ndi ntchito ya kudula.

Nanga kudula pakokha kukulephera bwanji? Kuti 4000 x 3000 ifike pa mlingo wa chimango chanu, chulukitsani 4000 ndi 630 kenako gawani ndi 1200, mupeza 2100. Ndiye mudule kuti patsale 4000 x 2100, kutanthauza kuchotsa mizere 900 pamwamba, pansi, kapena pang'ono uku pang'ono uku. Zotsalazo ndi mapikiselo 8,400,000, magawo 70 pa 100 a amene munali nawo. Fayilo ya 4 MB ingatsike kufika cha m'ma 3 MB, kutali kwambiri ndi 200 KB. Ndipo nthawi zina siitsika ngakhale pamenepo, chifukwa mu JPEG si mapikiselo onse amene amalemera mofanana. Thambo losalala limapanikizika mosavuta n'kutenga malo ochepa, pomwe udzu, masamba, miyala ndi nsalu zamawangamawanga zimadya malo ambiri. Mukadula thambo lokha, mwachotsa gawo lopepuka ndipo katundu weniweni watsala.

Ena akaona zimenezi amapitiriza kudula mpaka patatsala 1200 x 630 ndendende. Masamu ake amagwira, fayilo imapepukadi, koma 1200 x 630 ndi mapikiselo 756,000 okha, pafupifupi magawo 6 pa 100 a chithunzi chonse. Munali ndi gulu la anthu, mwatsala ndi nkhope ziwiri ndi phewa la wina. Njirayi n'njabwino pokhapokha ngati chimene mukufunacho n'chaching'ono ndipo chili kutali, mwachitsanzo mbalame ili pa nthambi.

Tsopano zichitike motere. Tsegulani kope la chithunzi choyambirira, osati chimene chadutsa kale pa WhatsApp, chifukwa chimenecho nthawi zambiri chimakhala chochepetsedwa ndi kupanikizidwa kale. Sankhani chida chodulira ndipo muchiuze mlingo wokhazikika wa 1200:630, womwe ndi chimodzimodzi ndi 40:21. Mu pulogalamu yokonzera zithunzi ya GIMP mumachonga Fixed n'kusankha Aspect ratio. Kokani bokosilo mpaka likwane zimene mukufuna, kenako lisuntheni m'mwamba kapena m'munsi mukuyang'ana mitu ya anthu. Apa m'pamene pamafunika maso a munthu, chifukwa pulogalamu ikamadula yokha imadula pakatikati, mizere 450 pamwamba ndi 450 pansi, ndipo ngati wojambula anaika mitu pafupi ndi m'mphepete, imapita. Mukatha kudula, onani manambala otsala. Lamulo lake n'limodzi: mbali yopingasa isatsike kupitirira 1200. Kenako pitani pa Resize, yomwe mu GIMP imatchedwa Scale Image, lembani 1200 tcheni chili chotseka, ndipo 630 ibwera yokha. Ikabwera 629 kapena 631 musadandaule, ndi zotsalira za kugawa. Apa pokha tsegulani tcheni n'kulemba 630, kusiyana kwa pikiselo imodzi palibe diso lingakuone.

Lamulo la 1200 lija ndalitchula chifukwa anthu ambiri amagwera pamenepa. Tinene kuti mwadula mothinitsa n'kutsala ndi 600 x 315. Mlingo wake ndi wolondola, koma kuti chifike pa 1200 x 630 pulogalamu iyenera kupanga mapikiselo anayi pa malo a imodzi iliyonse, ndipo atatu owonjezerawo imangoyerekeza poyang'ana oyandikana nawo. Chithunzi chimatuluka chosaoneka bwino ngati mukuyang'ana pa galasi la nthunzi, m'mphepete mwa zinthu mulibe pakuthwa, ndipo fayilo imalemera kuposa poyamba popanda kuwonjezera kanthu kooneka. Zikatero bwererani ku choyambirira n'kudula motakasuka.

Kulemera kwa fayilo kumabwera pomaliza. Posunga ngati JPEG mufunsidwa Quality, nambala yofika mpaka 100. Yambirani pa 82 kapena 85 n'kuona kulemera kwake. Pa chithunzi cha 1200 x 630, 200 KB ikupatsa pikiselo iliyonse mabiti opitirira pang'ono 2, ndipo zimenezi zimakwanira pa zithunzi zambiri. Yerekezerani ndi kukankhira mapikiselo onse 12,000,000 mu 200 KB yomweyo: iliyonse ipeza mabiti 0.13 okha. JPEG imagwira ntchito m'timabokosi ta mapikiselo 8 x 8, ndipo ikapanikizidwa motero timabokosito timayamba kuonekera, thambo limagawika m'mizeremizere, ndipo m'mbali mwa zilembo mumabwera tizitsotso. Ichi n'chifukwa chake kuchepetsa mapikiselo kuyenera kutsogola, kutsitsa Quality kutsatire. Ngati pa 82 mwapeza 230 KB, tsikani kufika pa 75 n'kuyesanso, koma nthawi zonse kuchokera pa chithunzi chimene chili chotsegula mu pulogalamu, osati kutsegula JPEG imene mwangosunga n'kuisunganso, poti kusunga kulikonse kumawonjezera zowonongeka pamwamba pa zakale. Komanso musamafike pa malire penipeni. Makina ena amawerenga KB ngati mabaiti 1000, ena 1024, ndiye fayilo imene kompyuta yanu ikuti ndi 199 KB ikhoza kukanidwa. Lingani cha m'ma 185 KB.

Ngati fayilo ya 1200 x 630 ikulemerabe kupitirira 1 MB, onani mathero a dzina lake. Kawirikawiri mupeza kuti yasungidwa ngati PNG, yomwe sitaya kanthu popanikiza, choncho ndi yabwino pa zizindikiro ndi zolemba koma yolemera pa zithunzi za kamera. Za DPI zisiyeni. Kusintha 300 kukhala 72 popanda kusintha mapikiselo sikupepukitsa fayilo, chifukwa nambala imeneyo imangouza makina osindikizira kukula kwa chithunzi papepala.

Amene muli ndi zithunzi zambiri, pulogalamu ya ImageMagick imachita zonsezi ndi lamulo limodzi:

```
magick choyamba.jpg -auto-orient -resize "1200x630^" -gravity center -extent 1200x630 -strip -quality 82 chatsopano.jpg
```

Kachizindikiro ka `^` kakuuza pulogalamu kuti ichepetse mpaka chimango chidzaze, zomwe zikupereka 1200 x 900, ndipo `-extent` imadula mizere 270 yotsala ija. Pano kuchepetsa kwatsogola, koma zotsatira zake n'zofanana chifukwa zonse zikuchitika fayilo isanasungidwe. Mukachotsa `^` mupeza 840 x 630 ndi mipata yopanda kanthu m'mbali zonse ziwiri, ndipo mukaika `!` m'malo mwake mubwezeretsa anthu ofupika aja. Mitu ikamadulidwa, sinthani `center` akhale `north` kuti kudula kuchitike pansi pokha. Musaiwale `-auto-orient`: foni nthawi zambiri imasunga chithunzi chogona n'kungolemba mu EXIF, uthenga wobisika m'fayilo ya chithunzi, kuti chizionetsedwa choimirira, ndiye `-strip` ikafufuta uthengawo chisanatembenuzidwe, chithunzi chimatuluka chogona chammbali ndipo chimadulidwa mbali yolakwika.

Pali vuto limodzi lomwe dongosolo lonseli silingathetse, ndilo la chithunzi choimirira cha 3000 x 4000. Kuti chikwane m'chimango chanu, 3000 kuchulukitsa ndi 630 kugawa ndi 1200 kukupereka 1575, kutanthauza kuti pa mizere 4000 mutsala ndi 1575 yokha, zosakwana magawo 40 pa 100. Munthu woimirira sangakwanemo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Sankhani kuyambira pachifuwa kupita m'mwamba, kapena chepetsani chithunzi chonse kuti kutalika kwake kukhale 630, chomwe chipereke pafupifupi 472 chopingasa, n'kudzaza m'mbali ndi mtundu umodzi wosalala, womwe suwonjezera kwenikweni kulemera kwa fayilo.