Moni wotsegulira msonkhano wa pa Zoom anthu akakhala m'mayiko osiyana

"Ndine mlembi wa gulu la alimi a mtedza kuno ku Mchinji. Mu Julayi tili ndi msonkhano wa pa Zoom 3 koloko masana, ndipo ena adzalowa ali ku Chipata, Nairobi, London ndi New York. Ndidzapereke moni wotani woti aliyense amve kuti walandiridwa?"

Alembi, yambani mwaona kaye wotchi ya alendo anu. Kuno ikamakwana 3 koloko, ku Chipata ndi 3 koloko yomweyo, ku Nairobi ndi 4 koloko, ku London ndi 2 koloko, pomwe ku New York ndi 9 koloko m'mawa. Mukati "mwaswera bwanji", wa ku New York mwamusiya panja, chifukwa iye tsiku angoliyamba kumene. Dziwaninso kuti ku London ndi ku New York amasintha wotchi kawiri pachaka. Mu Disembala, 3 koloko yathuyi ndi 1 koloko ku London ndi 8 koloko m'mawa ku New York.

Koma vuto lalikulu si nthawi ayi. Moni wathu amafuna yankho, ndipo munthu woleredwa bwino sangaumve n'kukhala chete. Anthu 30 akatsegula maikolofoni nthawi imodzi kuti ayankhe, mawu amaphatikizana, ena amafika mochedwa chifukwa cha netiweki, ndipo mafoni awiri akakhala m'chipinda chimodzi phokoso limabwerezabwereza. Mphindi zimatha chonchi, bandulo ya alimi ikupita. Choncho musanalankhule dinani Mute All kuti mutseke maikolofoni a onse, kenako perekani moni wosafunsa kanthu, monga uwu:

"Moni nonse, takulandirani. Tikupereka ulemu kwa mafumu ndi apampando. Takulandirani a ku New York kumene kukadali m'mawa, a ku London, a ku Nairobi, abale athu a ku Chipata, ndi inu nonse a kuno ku Mchinji. Lembani dzina lanu ndi kumene muli mu Chat."

Mawu amenewa satha ngakhale theka la mphindi. Mukatha kulemekeza akuluakulu, tchulani akutali poyamba, eni mudzi pomaliza, monga timachitira ndi alendo pakhomo. Malo akapitirira asanu musawatchule onse, chifukwa mudzaiwala amodzi ndipo eni ake zidzawawawa. Ingonenani kuti "kulikonse kumene muli", kenako werengani mayina atatu kapena anayi amene alembedwa mu Chat. Ngati pali osamva Chichewa, bwerezani moni womwewo m'Chingerezi nthawi yomweyo, musanalowe m'pemphero.

Ndikupemphani musaiwale amene angosonkhana pa foni imodzi, mwina ku Kamwendo kapena ku Mkanda. Pa sikirini amaoneka ngati munthu mmodzi, ndipo ambiri sangathe kulemba mu Chat. Amenewo atchuleni ngati gulu, mupemphe mmodzi atsegule maikolofoni ayankhe m'malo mwa onse. Pakatha mphindi zisanu, landiraninso mwachidule amene netiweki inawachedwetsa, osayambiranso mndandanda wa malo.