Pulogalamu ikakana kugwira ntchito, tiyambe kufunsa chiyani?

"Akulu, ndalemba kapulogalamu kowerengera malonda a m'shopu ya amalume ku Kamwala, koma sikakugwira ntchito. Vuto lingakhale chiyani? Chonde ndithandizeni."

Mphwanga, ndisanafunse n'komwe za chilankhulo chimene mwalembera, ndiuzeni izi: munalowetsa chiyani, mumayembekezera kuona chiyani, nanga pa sikirini panatuluka chiyani? Ndikuyambira pamenepa chifukwa pulogalamu ina imakana ngakhale kuyamba, ina imafera panjira n'kusiya uthenga, pomwe ina imayenda bwinobwino mpaka kumapeto koma yankho lake n'kukhala labodza. Yomalizayi ndiyo imandidetsa nkhawa pa nkhani ya ndalama, chifukwa sidandaula chilichonse.

Tiyerekeze kuti munalemba chonchi mu Python:

```python
a = input("Mtengo woyamba: ")
b = input("Mtengo wachiwiri: ")
print(a + b)
```

Kasitomala wagula katundu wa K50 ndi wina wa K30. Mwalowetsa 50 ndi 30, mukudikira 80, koma patuluka 5030. Mukangonditumizira manambala anayi amenewa, vuto ndaliona kale ngakhale khodi sindinaione. Mu Python 3, `input()` imabweza malemba, osati nambala, ndiye chizindikiro cha `+` chimangolumikiza malembawo, wina kutsogolo wina pambuyo. Mankhwala ake ndi kulemba `int(input(...))`, kapena `float` ngati mitengo ili ndi mangwee.

Apa m'pamene funso la chilankhulo limabwera, ndipo dzina lokha silikwanira. Mizere itatu yomweyi mu Python 2 imapereka 80, chifukwa kumeneko `input()` inkawerenga zimene mwalemba ngati khodi. Python 2 inasiya kusamalidwa pa 1 Januwale 2020, koma maphunziro ake akadali mbwee pa intaneti, ndipo wophunzira amakopera osadziwa kuti ndi akale. Lembani `python --version` munditumizire chimene chituluke.

Ngati pali uthenga wa vuto, ndikuufuna wonse monga ulili, osati m'mawu anu. Koperani malembawo, chifukwa chithunzi cha sikirini chojambula ndi foni nthawi zambiri chimadula mzere wofunika. Mu Python mzere wofunikawo ndi wotsiriza. Mutakonza zija, amalume akadzalemba K50 m'malo mwa 50, mudzaona:

```
ValueError: invalid literal for int() with base 10: 'K50'
```

Uthengawu ukutchula chimene chakanika kusanduka nambala, ndipo pamwamba pake pamakhala dzina la fayilo ndi nambala ya mzere pamene pulogalamu yafera.

Khodi ibwere pomaliza. Musatumize yonse ayi. Sungani kope, kenako muzichotsa zigawo chimodzichimodzi uku mukuyesa, mpaka patsale mizere yochepa imene ikulakwitsabe. Chigawo chimene mukachichotsa vuto n'kutha, vutolo lili m'menemo kapena m'zimene chimalandira. Musanatumize, fufutani mapasiwedi ndi manambala a foni a makasitomala a amalume.