Kulembera abwana uthenga wa wantchito amene wachedwa, wadwala kapena wajomba

"Ndine kalaliki pa nyumba yosungiramo mbewu ndi feteleza kuno ku Ulongwe. Abwana athu amakhala ku Tete, ndipo anzanga akachedwa, akadwala kapena akagwa m'maliro amanditumizira uthenga wa mawu pa WhatsApp kuti ine ndilembere abwanawo. Ndikalemba monga momwe ayankhulira, abwana amati nkhani siikumveka, koma ndikakonza, anzanga amati ndasintha mawu awo. Kodi ndizilemba bwanji?"

Zikomo mayi chifukwa cha kalata yanu. Pali zinthu zimene muli ndi ufulu wozisintha, ndipo pali zina zimene simuyenera kuzikhudza ngakhale pang'ono. Malonje aatali, kubwerezabwereza, madandaulo ndi dongosolo la nkhani, zonsezo konzani momwe mungathere. Koma chimene chachitika, nthawi imene chachitika, chimene munthuyo akudziwa motsimikiza ndi chimene akungoganizira, izo ndi zake, ndipo zifike kwa abwana zili momwemo. Madandaulo a anzanuwo kawirikawiri amabadwa pamene wolemba, pofuna kuti kalata imveke yaulemu, waonjezera lonjezo kapena chifukwa chimene mwiniwake sananene.

Tiyeni titenge uthenga umodzi wa matenda, wonga umene mumalandira m'mawa nyengo ya mvula. Wonyamula matumba akuti: "Achemwali mwadzuka bwanji? Ine kuno sizili bwino ayi, thupi latentha usiku wonse, mutu ukuwawa, mwina ndi malungo. Ndipita kuchipatala ndikaone. Muwauze abwana asandiyese wamwano." Mukaumvetsera bwino uthengawu mupeza kuti muli zinthu ziwiri zokha zotsimikizika, kuti munthuyo wadwala ndiponso kuti akupita kuchipatala. Malungo ndi maganizo ake chabe, chifukwa magazi sanayezedwe. Sananene ngati abwera masana akachoka kuchipatala kapena sabwera tsiku lonse, sananene tsiku lobwerera, ndipo sanatchule ntchito imene imamudikira. Abwana amene ali ku Tete, amene sakuona bwalo lanu ndi maso, akufuna kwenikweni zinthu zosowazo, chifukwa ndi zimene zingawathandize kudziwa ngati galimoto ya feteleza itsitsidwe lero kapena apeze waganyu.

Choncho musanalembe chilembo ngakhale chimodzi, muimbireni munthuyo kapena mubwezereni uthenga. Mufunseni ngati tilembe kuti sabwera tsiku lonse, mufunseni nthawi imene adzakuuzani zotsatira za kuchipatala, ndipo mukumbutseni kuti apemphe kalata ya dokotala asanachoke kumeneko, popeza kubwereranso kukaipempha tsiku lina kumakhala kovuta ndipo kumadya tsiku linanso la ntchito. Tinene kuti wayankha kuti sabwera lero ndipo adzaimba ikamakwana 2 koloko masana. Uthenga wopita kwa abwana ukhoza kukhala wotere:

"Bwana, ndikukudziwitsani kuti Bambo Uje, wonyamula katundu, sabwera kuntchito lero Lachiwiri pa 11 Marichi chifukwa cha kudwala. Anandidziwitsa nthawi ya 6:40 m'mawa, ntchito isanayambe. Apita kuchipatala m'mawa uno, ndipo alonjeza kundiuza pofika 2 koloko masana ngati atha kubwera mawa. Ndawakumbutsa kuti abweretse kalata ya dokotala. Potsitsa katundu wa lero tatsala ndi anthu atatu m'malo mwa anayi."

Onani kuti mzere woyamba wanyamula dzina, ntchito, tsiku ndi chifukwa, kotero kuti abwana akangowerenga mzere womwewo ali pamsonkhano, nkhani aimva. Tsiku ndalilemba ndi dzina lake ndi deti lake, osati "lero" lokha, chifukwa uthengawu udzawerengedwanso kumapeto kwa mwezi powerengera malipiro, pamene palibe adzakumbukire kuti lerolo linali liti. Nthawi ya 6:40 ndiyo imene ikuyankha pempho la mnzanu lija loti asayesedwe wamwano. Simufunika kulemba kuti ndi munthu wokhulupirika kapena kuti akupepesa kwambiri, pakuti umboni woti anadziwitsa ntchito isanayambe umamuteteza kuposa mawu okometsera.

Malungo ndawasiya dala, pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu. Mukalemba kuti wadwala malungo, kenako kalata ya dokotala n'kubwera ikunena zina, munthu wosalakwa amaoneka ngati ananama, pamene iye anangoti "mwina". Palinso chifukwa china chimene ndimachiona kuti n'chachikulu koposa. Dzina la matenda ndi chinsinsi cha wodwalayo, ndipo mnzanu akakuuzani za thupi lake amakuuzani monga mlongo wake, osati kuti zikalembedwe m'mafayilo. Lero ndi malungo, amene palibe amachita nawo manyazi, koma tsiku lina adzakhala mayi wapita padera kapena bambo wopita kukalandira mankhwala ake a mwezi ndi mwezi. Mukazolowera kulemba "chifukwa cha kudwala" kwa aliyense, palibe amene adzaonekere pa tsiku limene mwabisa dzina la matenda. Musawerengerenso nokha tsiku lobwerera. N'zoona kuti mankhwala a malungo amene amaperekedwa kawirikawiri amamwedwa masiku atatu, koma zimenezo sizikupatsani mphamvu yolemba kuti abwera Lachisanu, chifukwa akalephera, lonjezo losweka lidzakhala pamutu pake pamene analipereka ndinu.

Za kuchedwa sindichulutsa mawu, popeza vuto lake ndi limodzi. Anthu amati "ndili m'njira" kapena "ndifika posachedwa", ndipo mawu amenewa amanenedwa ndi munthu amene ali pachipata komanso amene akudikirabe shapa ku Domwe. Funsani kumene ali ndi nthawi imene akuyembekeza kufika, kenako lembani kuti, "Mayi Uje achedwa lero chifukwa galimoto imene anakwera yawonongeka panjira yochokera ku Domwe. Akuyembekeza kufika cha m'ma 9 koloko m'malo mwa 7:30." Akafika, tumizani mzere umodzi wonena nthawi yeniyeni imene afikira. Mzere wachiwiriwu anthu ambiri amauiwala, koma ndi wofunika, chifukwa maola ochedwa akhoza kuphatikizidwa mpaka kukwana tsiku lathunthu lojomba, ndipo ngati nthawi yofikira sinalembedwe, aliyense adzakumbukira zake.

Pamene pafunika kusamala kwambiri ndi pa maliro. Lamulo la ntchito la dziko lathu la Mozambiki, la chaka cha 2023, limene linalowa m'malo mwa la 2007, limasiyanitsa kujomba kokhala ndi chifukwa chovomerezeka ndi kujomba kopanda chifukwa, ndipo kwachiwiriku kumadulitsa malipiro komanso kungamufikitse munthu pa mlandu wa kuntchito. Pa maliro, masiku amawerengedwa potsata ubale. Lamulo la 2007 linkapereka masiku 5 munthu akataya mayi kapena bambo womubereka, mwana, mkazi kapena mwamuna wake, koma masiku 2 okha akataya malume kapena azakhali. Tsono mnzanu akakuuzani akulira kuti "amayi atisiya ku Tsangano", kwa ife Achewa ndi Angoni mawuwa angatanthauze mayi womubereka, mayi wamng'ono kapena mayi wamkulu, ndipo munthuyo sakunama, chifukwa onsewo ndi amayi ake ndithu. Koma pepala la ku ofesi limawerenga mng'ono wa amayi ngati wachibale wa gulu lina. Mukalemba kuti amwalira ndi mayi ake, abwana n'kuvomera masiku ambiri, kenako chikalata cha imfa n'kuonetsa zosiyana, mwamuika mnzanu m'mavuto pa nthawi imene ali kale ndi chisoni.

Ndikudziwa kuti kufunsa munthu wofedwa kuti "amayi ake ati" kumamveka ngati kuuma mtima. Yambani ndi kupepesa monga mwa mwambo wathu, mumve za mwambo wa maliro, kenako nenani kuti, "Pepani kwambiri achimwene, kuti ndilembe bwino ku ofesi, kodi ndi amayi okuberekani kapena ang'ono awo?" Akakuyankhani, lembani ubalewo momveka, kuti amwalira ndi mng'ono wa mayi awo, maliro ali ku Tsangano, kuika ndi Lachinayi, ndipo iwo akupempha kubwerera kuntchito Lolemba. Ngati masiku amene akufuna aposa amene lamulo likupereka, musabise zimenezo, ndipo musawadule nokha. Lembani kuti akupempha masiku owonjezerawo, abwana aone ngati angawalole kapena angawachotse pa tchuthi chawo cha pachaka. Chiwerengero cha masiku chimene chikugwira ntchito pakali pano chifunseni kwa amene amasunga mafayilo a antchito, muchilembe papepala pafupi ndi tebulo lanu.

Apa pakuonekera kusiyana kwa kudziwitsa ndi kupempha, kumene olemba ambiri amakusokoneza pofuna kuoneka aulemu. Munthu amene wagona ndi matenda sapempha chilolezo choti adwale, choncho uthenga wake umayamba ndi "ndikukudziwitsani". Koma amene akufuna kupita ku Zobwe sabata yamawa pa nkhani ya kumudzi akupempha, uthenga wake uyenera kutha ndi funso limene abwana angayankhe kuti inde kapena ayi, ndipo iye asanyamuke yankholo lisanabwere. Kujomba kodziwikiratu kotere lamulo la 2007 linkafuna kuti kunenedwe kutatsala masiku osachepera 2, ndipo ine ndingakulangizeni kuti muzitumiza mwamsanga kuposa pamenepo. Mukasandutsa pempho kukhala chidziwitso, abwana amaona ngati wantchito wadzilamula yekha. Mukasandutsa chidziwitso kukhala pempho, abwana akapanda kuyankha zimaoneka ngati wodwala uja anajomba osaloledwa.

Nthawi zina uthenga sudzachokera kwa mwiniwake, koma kwa mkazi wake, mnansi wake kapena mnzake wa kuntchito amene wangomva. Pamenepo lembani kumene mwamva, kuti "akazi awo andiimbira nthawi ya 7 koloko kunena kuti agonekedwa m'chipatala", ndipo musalembe ngati mwaona nokha. Chimodzimodzinso ngati mukukayikira chifukwa chimene mwapatsidwa, mawu oti "akuti" ndi okwanira. Musaonjezere ndemanga yoti munthuyu amakonda kudwala Lolemba, chifukwa imeneyo ndi nkhani ina, yoyenera kukambidwa padera iye mwini ali pomwepo.

Ngati abwana amafuna uthengawo m'Chipwitikizi, dongosolo lake ndi lomweli, koma yambani mwaulemba m'Chichewa. Musanatumize, muwerengereni mwiniwake pafoni kapena mutumizireni kuti auone, avomere kuti ndi zimene ananena. Zimatenga mphindi imodzi yokha, ndipo kudandaula koti mwasintha mawu kumathera pomwepo. Uthenga wake wa mawu uja musaufufute mpaka malipiro a mweziwo atatuluka, ndipo kalata ya dokotala ikabwera, ijambuleni ndi foni, mutumize kwa abwana pansi pa uthenga woyamba uja, pepala lenilenilo muliike mufayilo ya munthuyo.