Ndalama ya fizi mu indekisi fandi kapena ETF: yambani ndi tsiku lolipira

"Mwana wanga ali ndi zaka 6, ndipo ndikufuna kuyamba kusunga ndalama ya fizi ya ku sekondale. Anzanga akuti indekisi fandi, ena akuti ETF. Sindinagulepo sheya chibadwire. Zikusiyana pati, nanga ndisankhe iti?"

Mayi, ziwirizi n'zapachibale. Indekisi ndi mndandanda wa makampani amene amayezera kayendedwe ka msika wa masheya, omwe ndi magawo a umwini wa kampani. Wodziwika kwambiri ndi S&P 500, umene uli ndi makampani akuluakulu pafupifupi 500 a ku Amereka. Indekisi fandi ndi thumba limene anthu ambiri amasonkhamo ndalama, ndipo woyang'anira amagula masheya a makampani onse a pamndandandawo, osasankha. Kampani imodzi ikagwa, zinazo zimakugwirani. Popeza palibe katswiri wolipidwa kuti azilosera kampani yopambana, ndalama yoyendetsera thumba imakhala yochepa. John Bogle wa Vanguard ndiye anatsegulira anthu wamba thumba lotere mu 1976.

Ma ETF ambiri ndi thumba lomwelo, kusiyana kwake ndi kagulidwe. Indekisi fandi mumagula kwa kampani yoyendetsa thumba, pa mtengo umodzi wowerengedwa msika ukatsekedwa, ndipo n'kosavuta kulamula banki kuti izitumizako ndalama mwezi ndi mwezi. ETF mumagula pamsika wa masheya kudzera kwa buloka, yemwe ndi munthu kapena kampani yokugulirani ndi kukugulitsirani masheya, ndipo mtengo wake umasintha tsiku lonse. Vuto limabisala pa komishoni. Ngati buloka amadula 500 pa kugula kulikonse ndipo inu mukuika 10,000 pamwezi, 5 peresenti yapita musanayambe n'komwe. Zikatero, unjikani ndalama muzigula kamodzi pa miyezi itatu, kapena tengani indekisi fandi. Pogula ETF sankhani `limit order`, kuti muike nokha mtengo umene simukufuna kupitirira. Kwa woyamba kumene amene akuika pang'onopang'ono, ine ndimalangiza indekisi fandi, malinga ngati ilipo yotchipa.

Kutchipako muziona pa chikalata cha thumba, pamene alemba `expense ratio` kapena `TER`, kutanthauza peresenti imene amadula pa ndalama yanu chaka chilichonse. Tingoyerekeza: mwaika 1,000,000 kwa zaka 8, msika ukukula ndi 8 peresenti pachaka. Thumba lodula 0.2 peresenti likusiyirani pafupifupi 1,824,000. Lodula 2 peresenti likusiyirani pafupifupi 1,594,000. Ndalama yokwana 230,000 yakutayikirani, koma simudzaona risiti yake chifukwa amachotsera mkati.

Koma chachikulu si kusankha pakati pa ziwirizi ayi. Fizi ili ndi tsiku lake, ndipo sukulu sidikira kuti msika uchire. Mu 2008, S&P 500 inatsika ndi pafupifupi 37 peresenti. Amene anali ndi 1,000,000 kumayambiriro kwa chaka anatsala ndi pafupifupi 630,000, ndipo indekisiyo inadzafikanso pamene inali mu 2007 m'chaka cha 2013. Wosungira ukalamba akanatha kudikira. Kholo limene mwana wake ankayamba sekondale mu 2009 linayenera kugulitsa pa mtengo wogwawo.

Ndiye chitani motere. Tinene kuti mwana adzayamba sekondale ali ndi zaka 14 ndipo adzaphunzira zaka 4. Musaione ngati ndalama imodzi, koma milu inayi, uliwonse ndi chaka chake. Kuyambira pano mpaka mwana atakwanitsa zaka 11, ikani m'thumba la masheya. Akafika 11, gulitsani gawo lokwanira fizi ya chaka choyamba n'kuliika pamalo osagwedezeka, monga akaunti yotsekera kubanki kapena mabondi aboma a nthawi yaifupi, omwe ndi ngongole imene mumabwereketsa boma. Akafika 12, tulutsani ya chaka chachiwiri, mpaka mulu wachinayi utatuluka ali ndi zaka 14. Ndalama iliyonse yofunika m'zaka zitatu zikubwerazi isapezeke m'masheya, ngakhale msika ukukwera mosangalatsa chotani. Apa ndi pamene makolo ambiri amaterereka, amati "tidikireko chaka chimodzi". Powerengera muluwo, musagwiritse ntchito fizi ya lero. Funsani sukulu mmene yakwezera m'zaka zisanu zapitazi, muwerengere motero.

Musanatumize ndalama, fufuzani ngati kampaniyo kapena bulokayo ali ndi chiphaso cha bungwe loyang'anira misika ya ndalama m'dziko lanu. Onaninso mndandanda umene thumbalo likutsatira: ngati makampani atatu kapena anayi atenga theka la thumba, kapena onse ndi a ntchito imodzi, chitetezo chija chachepa. Thumba la ndalama yakunja limakuthandizani ndalama ya kwanu ikagwa mphamvu, koma mumadulidwa posintha, polowa ndi potuluka. Ndipo aliyense wokulonjezani phindu lotsimikizika mwezi ndi mwezi sakukugulitsani indekisi fandi, chifukwa thumba la masheya silingalonjeze zimenezo. Ameneyo musam'patse ndalama ya mwana.