Cc, Bcc ndi Reply all: kodi imelo yanu ikupita kwa ndani?

"Ndine kalaliki pa bungwe lina laling'ono ku Zomba. Sabata yatha ndinaitana anthu 14 ku intavyu pa imelo imodzi, onse ndinawaika pa Cc. Mmodzi anayankha kuti alibe ndalama yoyendera, ndipo yankholo linafika kwa anzake onse. Abwana anakwiya, akuti ndikanawaika pa Bcc. Koma ndi iwo omwe amandiuza kuti ndiziwaika pa Cc nthawi zonse. Kusiyana kwake n'kotani? Nanga ndingapewe bwanji kutumizira munthu wolakwika?"

Zikomo mayi polemba. Abwana anuwo sakudzitsutsa ayi, mawu onse awiri ndi oona, kungoti akunena za anthu osiyana. Musanalembe adiresi ya munthu aliyense, dzifunseni mafunso awiri: kodi anthu amenewa ndi oyenera kuonana? Nanga mmodzi akayankha, yankholo lifike kwa ndani?

Mzere wa To ndi wa munthu amene mukufuna kuti achitepo kanthu. Mzere wa Cc ndi wa amene mukungomudziwitsa, ndipo simukuyembekezera yankho lake. Mizere iwiriyi ili poyera: aliyense wolandira amaona maadiresi onse amene ali pamenepo. N'chifukwa chake Cc imayenera anthu odziwana kale pa nkhaniyo. Mukamalembera wogulitsa mapepala kuti abweretse katundu, abwana muwaike pa Cc, wogulitsayo adziwenso kuti akuluakulu akuona. Koma ofunsira ntchito sadziwana, ndipo ena mwa iwo sanauze ndi komwe kuntchito kwawo kuti akufuna kuchoka. Musanafike n'komwe pa nkhani ya ndalama yoyendera ija, chinsinsi chinali chitaululika kale pamene anthu 14 anaonerana mayina.

Mukanachita motere. Pa To mulembe adiresi yanu yomwe, kapena ya ofesi. Anthu 14 aja onse apite pa Bcc, mzere umene maadiresi ake saoneka kwa olandira ena. Pa foni, mu Gmail, mizere ya Cc ndi Bcc imabisika, muyenera kudina kamuvi kakang'ono kamene kali kumapeto kwa mzere wa To kuti ioneke. Aliyense adzalandira kalatayo osaona anzake, ndipo ngakhale atadina Reply all, batani loyankhira onse, yankho lake silingafike kwa amene ali pa Bcc, lidzangobwera kwa inu. Nanga abwana? Mukawaika pa Cc, adiresi yawo idzaoneka kwa onse 14, ndipo madandaulo a ndalama yoyendera azidzafikanso kwa iwo. Ine ndikanatumiza kaye kalatayo, kenako n'kuwapatsira abwana paokha ndi Forward. Ndipo poti anthu 14 si ambiri, kulembera aliyense payekha ndi dzina lake komanso nthawi yake n'kwabwino koposa, chifukwa Bcc imadalira kuti dzanja lanu lisaphonye mzere.

Kuphonya mzere kumeneku kwapwetekapo anthu kwambiri. Mu Seputembala 2015, chipatala cha 56 Dean Street ku London chinatumiza kalata ya nkhani kwa anthu pafupifupi 780 amene ankalandira thandizo lokhudza HIV, maadiresi onse ali poyera pa To. Ambiri mwa maadiresiwo anali ndi mayina enieni a anthu. Chaka chotsatira, bungwe loyendetsa chipatalacho linalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 180,000. Mu Seputembala 2021, unduna wa zachitetezo wa Britain unachitanso chimodzimodzi polembera anthu 245 a ku Afghanistan amene ankafuna kusamutsidwa pothawa a Taliban. Awiri mwa iwo anayankha ndi Reply all, ndipo mmodzi anatchula malo amene anali. Mndandanda ukakhala wa odwala, angongole kapena odandaula, kungooneka kwa dzina la munthu pamenepo kwanena kale zonse, ngakhale kalatayo itangonena za tsiku la msonkhano.

Pali ntchito ina ya Bcc imene ine sindiikonda: kulembera mnzako wa mu ofesi kalata yomudzudzula, abwana utawabisa pa Bcc. Kupatula kuti ndi khalidwe la mseri, msampha wake ndi woti amene ali pa Bcc amaona onse a pa To ndi pa Cc. Abwanawo akangodina Reply all n'kulemba kuti "ndaona, tikambirana mawa", mnzanu uja adziwa pomwepo kuti munamutchera ndale. Ngati abwana ayenera kudziwa, aikeni pa Cc poyera, apo ayi atumizireni paokha.

Reply imabwerera kwa wotumiza yekha. Reply all imapita kwa wotumiza ndi onse a pa To ndi pa Cc. Ndi yoyenera pamene yankho lanu lisintha zochita za ena onse, monga kuti msonkhano wa Lachinayi wasunthidwa. "Zikomo, ndalandira" ndi ya wotumiza yekha.

Tsopano funso lanu lachiwiri, limene ndi lovutirapo, chifukwa zolakwika zambiri zimabadwira m'makalata osamalizitsa. Tiyerekeze kuti mmodzi wa ofunsira ntchito walembera inu ndi abwana kupempha kuti tsiku lake lisinthidwe. Inu mwadina Reply all kuti mumuyankhe, mwalemba mizere iwiri, foni yalira, kalata yatsala mu Drafts. M'mawa mwake mwaitsegula, maganizo asintha, mukufuna muyambe mwafunsa abwana. Mwafufuta mizere ija n'kulemba kuti: "Bwana, uyu tingomusiya, satifiketi yake ikukayikitsa." Mawu mwasintha, koma kalata yosamalizitsa imasunga olandira amene inayamba nawo. Komanso mu Gmail mayina a olandira yankho amapanikizana pa kamzere kamodzi pamwamba, pamene diso silipitapo mukakhala pa changu. Mwadina Send, ndipo mwini satifiketi wawerenga.

Njira yake ndi yoti wolandira akasintha, kalata ikhalenso yatsopano. Osakonza yakaleyo, ifufuteni, muyambe ina ndi Compose. Polemba nkhani yovuta, mzere wa To uzikhala wopanda kanthu mpaka mutamaliza kulemba ndi kuikamo fayilo. Kalata yopanda adiresi singachoke ngakhale chala chitaterereka. Adiresi ibwere pomaliza, ndipo muiwerenge yonse, chifukwa mukangolemba zilembo ziwiri kapena zitatu pulogalamu imakubweretserani mayina ofanana. A Banda a mu akaunti ndi a Banda ofunsira ntchito amaoneka chimodzimodzi mpaka mutayang'ana zimene zili kumanja kwa chizindikiro cha @.

Musaiwalenso zimene zili pansi pa kalata. Mukawonjezera munthu watsopano pa makambirano akale, amalandira ndi mauthenga am'mbuyo omwe, amene Gmail imawapinda pansi pa timadontho titatu. Dinani timadonthoto muwerenge musanamuike. Forward nayo imanyamula mafayilo amene anabwera ndi kalatayo, choncho onani ngati mndandanda wa malipiro sukupita nawo limodzi.

Pa kompyuta, lowani mu Settings ya Gmail, pa General, mupeze Undo Send. Imakulolani kusankha masekondi 5, 10, 20 kapena 30 oti muzitha kubweza kalata mutadina kale Send. Ikani 30. Nthawi imeneyi ikadutsa, kalata yapita basi. Mu Outlook muli Recall yobwezera kalata imene yapita kale, koma imagwira pokhapokha wolandirayo ali m'bungwe lanu lomwelo pa Exchange kapena Microsoft 365. Kwa munthu wakunja wa adiresi ya Gmail kapena Yahoo siibweza kanthu.

Za anthu 14 aja, musapepese podina Reply all pa imelo yomweyo, mungamwazenso maadiresi awo kachiwiri. Lembani kalata yatsopano, onse pa Bcc, muwapemphe kuti afufute yoyamba ija ndipo asagwiritse ntchito maadiresi a anzawo. Uja wa ndalama yoyendera mumuimbire foni payekha, mumupepese, ndipo mumuuze zimene ofesi yaganiza pa pempho lake.