Maraundi awiri basi, ndipo kusintha nyimbo ndi ntchito ina

"Akulu, ndimaedita mavidiyo a maukwati ndi a timabungwe kuno ku Zomba. Kasitomala wina wandibwezera vidiyo imodzi kasanu, ndipo dzulo wati ndisinthe nyimbo. Ndikufuna kumulembera imelo yomuuza kuti kukonza kumakhala kangati komanso chimene timachitcha kusintha, koma ndikuopa kumukhumudwitsa. Ndilembe bwanji?"

Achimwene, imelo yanu ndinaiwerenga usiku ndipo tulo tinandisowa, chifukwa inandikumbutsa vidiyo ya mijigo.

Zaka zingapo zapitazo bungwe lina laling'ono linandipatsa ntchito yokonza vidiyo ya mphindi 6, yonena za mijigo imene anakumba m'midzi ina ya ku Dedza. Mtengo tinagwirizana pafoni, osalemberana kanthu. Ine ndinangoti, "Mukaiona mundiuze pofunika kukonza." Ndinatumiza yoyamba Lachisanu. Loweruka m'mamawa, mayi woyang'anira ntchitoyo anandijambulira uthenga pa WhatsApp kuti a mfumu alankhula nthawi yaitali, ndiwadule. Ndinawadula, n'kutumiza. Lolemba mkulu wa bungwelo anaiona n'kufunsa kuti a mfumu apita kuti, popeza ndi amene anapereka malo. Ndinawabwezeretsa. Lachinayi kunabwera mawu akuti othandiza bungwelo, omwe ali kunja, akufuna mawu a Chingerezi olembedwa m'munsi, nkhani imene sitinaikambe ngakhale kamodzi. Pofika sabata yachitatu, pakompyuta panga panali `mijigo_final8.mp4`, ndipo ndi pamenepo pomwe anati nyimbo ija ndi yachisoni, ndiike ina yosangalatsa.

Kwa iwo inali nkhani ya mphindi ziwiri, kuchotsa iyi n'kuika iyo. Koma chigawo choyamba cha vidiyo ija ndinachidula motsatira kugunda kwa ng'oma. Mayi akutsitsa chigwiriro cha mjigo, ng'oma di! madzi akutuluka, ng'oma di! Malo otere analipo oposa 40. Nyimbo yatsopano inali yothamanga, ndiye chithunzi chilichonse chinkasintha pamalo olakwika, ndipo ndinayenera kusuntha modulamo mmodzimmodzi. Ndinayeneranso kutsitsa nyimbo pamanja paliponse pomwe munthu akulankhula, n'kuikweza akamaliza. Zinanditengera masiku awiri. Muonjezepo kutulutsa fayilo, komwe pa laputopu yanga kunkatenga pafupifupi mphindi 40, bandulo yoikwezera pa Google Drive, ndi magetsi omwe anazima fayilo ili pakati kukwera. Ndalama ndinalandira ija tinanena pafoni ija, osaonjezera ngakhale tambala.

Ndinakwiya kwa nthawi yaitali, koma lero sindiwaimba mlandu anthu aja. Munthu amene sanakhalepo pa pulogalamu yoeditira ngati Premiere Pro kapena DaVinci Resolve amaona vidiyo ngati kalata, yoti ufufuta liwu limodzi zina zonse n'kukhala m'malo mwake. Sadziwa kuti ukachotsa masekondi 12 pa 01:40, nyimbo sitheranso pomwe chithunzi chathera, ndipo mawu onse olembedwa m'munsi uyenera kuwayenderanso kuti uone ngati akugwirizanabe ndi pakamwa pa wolankhula. Womuuza zimenezi ndi ife. Ndipo ndinene mosabisa: edita amene amalonjeza kuti "tidzakonza mpaka mutasangalala" akudziwononga yekha, komanso akuwonongera ena tonse, chifukwa kasitomala wake akabwera kwa inu amabwera atazolowera zimenezo.

Telala wa pakhonde nkhaniyi amaidziwa kale. Mukapita kukayesa suti n'kunena kuti thalauza latalika, amapinda osakulipiritsani. Mukanena kuti nsaluyi simukuifunanso, aliyense amadziwa kuti mwayamba kusoketsa suti ina.

Chimene ndinaphunzira n'chakuti osawerenga zosintha, werengani maraundi. Raundi ndi mndandanda umodzi, wolembedwa, wochokera kwa munthu mmodzi, wotumizidwa nthawi imodzi. Kaya muli mfundo zitatu kaya 25, ndi raundi imodzi. Vidiyo ya mijigo inafika pa 8 chifukwa anthu atatu ankandilamula aliyense payekha, ndipo awiri mwa iwo ankatsutsana kudzera mwa ine. Akanakhala pansi n'kulemba mndandanda umodzi, mkangano wa a mfumu ukanathera mu ofesi mwawo. Pa ukwati zimachitikanso chimodzimodzi: mkwatibwi afuna izi, apongozi afuna kuti perekaniperekani yense aoneke, a komiti afuna zolankhula za ankhoswe zisadulidwe. Asankhe mmodzi wolankhula nanu. Mauthenga ojambula mawu ndinasiyiratu kuwalandira, chifukwa "paja pali amayi a chitenje chofiira paja" angakhale malo anayi. Ndimafuna nthawi yake: 03:15, chotsani amayi akuyasamula.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindichiwerengera m'raundi ngakhale pang'ono, ndicho cholakwitsa changa. Ngati ananditumizira dzina lolembedwa bwino ine n'kulilemba molakwika, kapena mawu atsalira m'mbuyo mwa chithunzi, ndimakonza ulere ngakhale maraundi atatha. N'chifukwa chake maina ndi maudindo ndimafuna atumize olemba, kuti pasakhale kukana.

Imelo yake

Imeneyi imayenera kupita musanayambe kudula, pamodzi ndi mtengo. Yanga imakhala motere:

"Bambo, zikomo potipatsa ntchitoyi. Mtengo tagwirizanawu uli ndi maraundi awiri okonza. Raundi ndi mndandanda umodzi wa zonse zomwe mukufuna zisinthidwe, wolembedwa, wosonyeza mphindi ndi sekondi yake, wochokera kwa munthu mmodzi amene mumusankhe. Tikupempha kuti uzitipeza pasanathe masiku 5 mutalandira vidiyo.

Raundi yoyamba ndi ya nkhani: chochotsa, chobwezeretsa, choyamba ndi chotsiriza, komanso nyimbo ngati simunaikonde. Mukavomereza zimenezi timakonza mitundu ndi kamvekedwe ka mawu. Raundi yachiwiri ndi ya zing'onozing'ono: zolemba, logo, kukweza kapena kutsitsa mawu, kusinthanitsa chithunzi ndi china chotalika mofanana.

Izi ndi ntchito yatsopano ndipo tidzakuuzani mtengo tisanayambe: kusintha nyimbo kapena kayalidwe ka nkhani raundi yoyamba itadutsa, kujambulanso, kuonjezera zithunzi zomwe munalibe poyamba, mawu olembedwa m'munsi a chinenero china, ndi vidiyo ina yaifupi kapena yoimirira ya pafoni. Raundi yachitatu ndi K______. Cholakwitsa chathu timakonza ulere. Ngati mwagwirizana nazo, chonde yankhani imeloyi kuti tiyambepo."

Mtengo wa raundi yachitatu ine ndimauika pa ndalama ya theka la tsiku langa la ntchito, ndipo ndimaulemba ndithu m'manambala, chifukwa munthu akauona amayamba waitana anzake onse asanatumize mndandanda.

Koma kasitomala wanu wa panoyu simungamulipiritse maulendo asanu apitawo, poti simunamuuze. Mulembereni mwaulemu kuti mwakonza kasanu mokondwa, ndipo mukumupatsa raundi imodzi yomaliza yaulere, atumize zonse pamodzi pofika tsiku lakuti. Za nyimbo muzilembe pazokha: muuzeni malo angati omwe mwadula motsatira nyimbo ilipoyi, maola omwe kusinthako kutenge, ndi mtengo wake. Musakhudze fayilo kufikira atayankha kuti wavomera.