Ntchito ya mphamvu F = (y, 2x) panjira yokhota: chifukwa chake ndi 40/3 osati 12

Funso: "Akuluakulu, ndithandizeni. Tapatsidwa mphamvu F(x, y) = (y, 2x), ndipo akuti tipeze ntchito imene yagwirika pamene kanthu kayenda panjira ya y = x² kuchokera pa (0, 0) kukafika pa (2, 4). Kusekondale tinkangochulukitsa mphamvu ndi mtunda, koma apa sindikuona poyambira. Mnzanga walumikiza malo awiriwo ndi mzere wowongoka n'kupeza 12. Kodi walondola?"

Mnzanuyo sanaphonye kuwerengera, koma wayankha funso lina. Yankho la funso lanu ndi majulo 40/3, omwe ndi pafupifupi 13.33, ngati x ndi y akuyezedwa m'mamita ndipo mphamvuyo ikuyezedwa m'manyutoni. Ndifotokoza mmene nambalayi imabwerera, kenako tione kumene 12 uja wachokera.

Lamulo la kusekondale limagwira ntchito pokhapokha mphamvu ikhale yosasintha, njira ikhale yowongoka, ndiponso mphamvuyo iloze kumene kanthuko kakupita. Pafunso lanu zonse zitatu zasokonekera. Pa (0, 0) mphamvu ndi (0, 0), pa (1, 1) ndi (1, 2), ndipo pa (2, 4) ndi (4, 4), kutanthauza kuti kukula kwake ndi kumene ikuloza zikusintha pamene kanthuko kakusuntha. Zili ngati wokwera njinga pamsewu wokhotakhota tsiku la mphepo: mphepo ikamuwomba kumsana imamuthandiza, ikachokera kutsogolo imamubweza, koma ikamuwomba chammbali siwonjezera kapena kuchotsa kalikonse paulendo wake wopita kutsogolo. Choncho chimene tikufuna pamalo alionse ndi gawo lokhalo la mphamvu limene lagona motsatira njira, ndipo chida chotulutsira gawo limeneli ndi kuchulukitsa kwa doti, kumene timachulukitsa chigawo cha x ndi chinzake cha x, cha y ndi chinzake cha y, n'kuphatikiza.

Maganizo ake ndi akuti tidule njirayo m'tizidutswa ting'onoting'ono, chifukwa pakachidutswa kakafupi njira imaoneka yowongoka ndipo mphamvu sisintha kwenikweni. Musanakhudze intigiralo, yesani ndi zidutswa ziwiri zokha. Choyamba chichoke pa (0, 0) kufika pa (1, 1), ndiye kuti kusuntha kwake ndi (1, 1). Tikatenga mphamvu pamene x ndi 0.5, malowo ndi (0.5, 0.25) ndipo F ndi (0.25, 1), kotero ntchito ya chidutswachi ndi 0.25 + 1 = 1.25. Chachiwiri chichoke pa (1, 1) kufika pa (2, 4), kusuntha kwake ndi (1, 3). Pamene x ndi 1.5 malowo ndi (1.5, 2.25), F ndi (2.25, 3), ndipo ntchito ndi 2.25 + 9 = 11.25. Zonse pamodzi ndi 12.5. Mukabwereza ndi zidutswa zinayi zofanana kutambalala mupeza 13.125, ndipo mukamachulukitsa zidutswa nambalayo imayandikira 13.33. Intigiralo yotsatira njira si chinthu china koma kumene kuphatikizaku kumathera tizidutswato tikachepa kotheratu.

Kuti tiwerengere ndendende, tiyenera kufotokoza njira yonse ndi nambala imodzi yosintha, imene timaitcha paramita, ndipo kawirikawiri timailemba t. Popeza y akudalira x, chosavuta ndi kutenga x = t. Masitepe ake ali motere:

```
r(t) = (t, t²),   0 ≤ t ≤ 2
r'(t) = (1, 2t)
F(r(t)) = (t², 2t)
F · r' = t²·1 + 2t·2t = 5t²
W = ∫₀² 5t² dt = 5·8/3 = 40/3
```

Mzere uliwonse apa uli ndi tanthauzo lake. Woyamba ukunena pamene kanthuko kali pa t aliyense, ndipo ndi bwino kutsimikiza nthawi yomweyo kuti r(0) ndi (0, 0) ndipo r(2) ndi (2, 4). Wachiwiri ndi derivetivu ya chigawo chilichonse payekha, ndipo vekitala imeneyi imaloza kumene njira ikulowera pamalo amenewo. Ikachulukitsidwa ndi dt imapereka kakusuntha kakang'ono kamene timakalemba dr. Mzere wachitatu ndiwo umene ophunzira ambiri amapunthwapo, chifukwa apa tikuyenera kuchotsa x ndi y aliyense mu F n'kuikamo zimene njira ikunena, ndiye y asanduka t² ndipo 2x asanduka 2t. Pofika mzere wachinayi mavekitala atha, kwatsala 5t², yemwe ndi nambala wamba. Ngati pa sitepe imeneyi mukuonabe x kapena y, kapena mukadali ndi zigawo ziwiri m'mabulaketi, dziwani kuti pali pamene mwadumpha.

Malire a intigiralo ndi a t, osati a x kapena a y. Pano zachitika kuti t ndi x ndi ofanana, n'chifukwa chake malire ndi 0 ndi 2. Wina akaona 4 pa (2, 4) n'kumuika pamwamba amapeza 320/3, nambala yoposa 100, ndipo kuyerekeza kwathu kwa zidutswa ziwiri kuja kukanamuuza msanga kuti wasochera. Ndi chifukwa chake ine ndimalimbikitsa kuchita kuyerekezako poyamba, ngakhale pamayeso, popeza sikudya nthawi yambiri. Cholakwika china chofala ndi kuchulukitsa kukula kwa F ndi kukula kwa r' m'malo mwa doti. Kutero ndi kunena kuti mphamvu yonse ikukankhira kutsogolo pamalo alionse, ndipo yankho limatuluka lalikulu kuposa loona, komanso silingatuluke ndi chizindikiro chochotsera ngakhale pamene mphamvu ikulimbana ndi ulendo. Chizindikiro chake ndi chakuti mumayamba kuona √(1 + 4t²) m'kati mwa intigiralo, chinthu chimene chimafunika poyeza utali wa njira koma sichifunika pano.

Mwina mungakayike kuti yankho likudalira paramita imene tasankha. Silikudalira, ndipo mukhoza kudzitsimikizira nokha. Tengani r(s) = (2s, 4s²), s kuyambira 0 mpaka 1, yomwe ndi njira yomweyo koma yoyendedwa mofulumira kawiri. Derivetivu ndi (2, 8s), mphamvu ndi (4s², 4s), doti ndi 8s² + 32s² = 40s², ndipo intigiralo yake kuchokera 0 mpaka 1 ndi 40/3 yemweyo. Liwiro likakwera r' amakula, koma malire amafupika mofanana, ndipo ziwirizi zimathetsana. Chimene chimasintha yankho ndi kolowera: mukayenda njira yomweyo mobwerera, kuchoka pa (2, 4) kupita pa (0, 0), dr aliyense amatembenuka ndipo ntchito imakhala −40/3.

Tsopano tibwere kwa mnzanu uja. Mzere wowongoka wochoka pa (0, 0) kufika pa (2, 4) ndi y = 2x, ndipo kuwerengera kwake ndi uku:

```
r(t) = (t, 2t),   0 ≤ t ≤ 2
r'(t) = (1, 2)
F(r(t)) = (2t, 2t)
W = ∫₀² 6t dt = 12
```

Ndiye 12 ndi ntchito yeniyeni, koma ya kanthu koyenda pamzere wowongoka. Poyambira ndi pothera ndi pomwepo, mphamvu ndi yomweyo, koma njira ziwirizi zimadutsa m'malo osiyana, ndipo mphamvu imene kanthuko kamakumana nayo m'malo amenewo ndi yosiyana. Ndikuganiza kuti mnzanuyo watengera chizolowezi cha mphamvu yokokera pansi ya dziko, kumene ntchito imangodalira kusiyana kwa utali pakati pa poyambira ndi pothera, kaya mwakwera molunjika kaya mozungulira. Khalidwe limeneli si la mphamvu zonse ayi, ndipo munthu sayenera kusintha njira yopatsidwa asanayese ngati mphamvu yake ili nalo.

Mayeso ake ndi aafupi. Lembani F = (P, Q), kenako pezani derivetivu ya Q potsata x ndi ya P potsata y, n'kuchotsera. Kwa ife P = y ndipo Q = 2x, kotero ∂Q/∂x − ∂P/∂y = 2 − 1 = 1. Popeza sizinathere pa 0, ntchito ikudalira njira. Mphamvuyo ikanakhala G = (y, x), kuchotserako kukanapereka 1 − 1 = 0, ndipo mnzanuyo akanalondola. Pa parabola doti akanakhala t² + 2t² = 3t², pamzere akanakhala 2t + 2t = 4t, ndipo ma intigiralo onse awiri kuchokera 0 mpaka 2 amapereka 8. Izi zili choncho chifukwa G amachokera ku fankishoni φ = xy, popeza derivetivu yake potsata x ndi y ndipo potsata y ndi x, ndiye ntchito imangokhala φ wa pothera kuchotsera φ wa poyambira, 2·4 − 0 = 8.

Nambala 1 ija imatiuzanso kukula kwa kusiyana kwa mayankho awiriwo, ndipo apa ndi pamene mungatsimikizire zonse mwakamodzi. Lamulo la Green limanena kuti mukazungulira njira yotsekeka mosemphana ndi mivi ya wotchi, ntchito yonse imafanana ndi intigiralo ya ∂Q/∂x − ∂P/∂y pamalo onse amene mwawazungulira. Pitani ndi parabola, yomwe ili mmunsi, n'kubwerera ndi mzere wowongoka: ntchito ndi 40/3 − 12 = 4/3. Mbali inayo, popeza chimene tikuphatikiza ndi 1 paliponse, tikungofuna kukula kwa malo a pakati pa y = 2x ndi y = x², komwe ndi ∫₀² (2x − x²) dx = 4 − 8/3 = 4/3. Mbali ziwirizi zagwirizana, kusonyeza kuti 40/3 ndi 12 onse awerengedwa bwino, aliyense panjira yake.

Chenjezo limodzi pa mayeso aja, popeza mudzakumana nalo posachedwa: kupeza 0 kumatsimikizira kuti njira ilibe kanthu pokhapokha ngati mphamvuyo ili ndi tanthauzo paliponse m'dera lopanda bowo. Mphamvu (−y, x)/(x² + y²) imapereka 0 paliponse kupatula pa (0, 0), pamene ilibe tanthauzo, komabe mukaizungulira kamodzi ndi r(t) = (cos t, sin t), t kuchokera 0 mpaka 2π, doti amakhala sin²t + cos²t = 1 ndipo ntchito imatuluka 2π. Mphamvu yanu ya (y, 2x) ilibe vuto limeneli, choncho papepala lanu lembani mizere isanu ya parabola ija, musaiwale malire a t ndi muyezo wa majulo pamapeto.